Milatho ya ndalama za kiriputo: momwe imagwirira ntchito ndi pomwe pagona chiopsezo chake

LILONGWE — M'chaka cha 2019, banki yaikulu ya dziko lino ya Reserve Bank of Malawi, yomwe likulu lake lili ku City Centre mumzinda wa Lilongwe, inachenjeza kuti ndalama za pa intaneti zotchedwa kiriputo si ndalama zovomerezeka zogulira ndi kugulitsira zinthu m'dziko muno, ndipo aliyense wochita nazo malonda adziwe kuti zikamutayikira, yekha ndiye adzasenze mtolowo. Kuchokera nthawi imeneyo mphamvu ya kwacha yatsitsidwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 komanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo kusowa kwa ndalama zakunja kwachititsa kuti nkhani ya kiriputo, makamaka matokeni omwe mtengo wake umatsatira dola ya ku America monga USDT ndi USDC, imveke m'maofesi a ku City Centre ndi m'makomo a ku Area 10 ndi madera oyandikana nawo.

Munthu yemwe walandira matokeni otere sachedwa kukumana ndi vuto limodzi. Womutumizira anagwiritsa ntchito njira ina, pomwe yemwe akufuna kumugula matokeniwo amalandirira pa njira inanso. Apa mpamene amauzidwa kuti adutsitse ndalama zakezo pa "mlatho". Kafukufuku yemwe kampani ya Chainalysis inatulutsa mu Ogasiti 2022 anasonyeza kuti ndalama pafupifupi madola 2 biliyoni zinali zitabedwa pa milatho yotereyi m'maulendo 13, ndipo kuba kwa pa milatho kunali 69 peresenti ya ndalama zonse za kiriputo zomwe zinali zitabedwa m'chaka chimenecho pofika mweziwo.

Chifukwa chomwe milatho ikupezekera

Bulokucheni ndi kaundula wa ndalama yemwe amasungidwa pa makompyuta ambirimbiri nthawi imodzi, ndipo makompyutawo amagwirizana okhaokha pa chilichonse cholembedwamo. Tokeni ndi mzere wa m'kaundulamo wonena kuti adiresi yakutiyakuti ili ndi ndalama zochuluka mwakuti. Makaundula otere alipo ambiri, monga Ethereum, Tron, Solana ndi BNB Chain, ndipo aliyense ali ndi malamulo ake, makompyuta ake komanso mitengo yake yotumizira ndalama.

Chofunika kuchimvetsa n'chakuti kaundula aliyense amadziwa za m'kati mwake zokha. Makompyuta osunga Ethereum alibe njira yoonera okha zomwe zalembedwa pa Solana, ndipo a Solana sadziwa za pa Ethereum. Kaamba ka ichi, tokeni siingachoke m'kaundula momwe inabadwira. Mawu oti "kuoloka mlatho" amapereka chithunzi cha katundu wochoka tsidya lino kupita tsidya lina, koma zomwe zimachitika n'zosiyana.

Zomwe zimachitika munthu akadina batani

Mwachitsanzo, mayi wina wochita malonda wa ku Area 10 walipidwa USDC 1,000 pa Ethereum ndi kasitomala wake wa kunja, ndipo akufuna kuti ndalamazo zikhale pa bulokucheni ina komwe mtengo wotumizira ndi wotsika. Amatsegula tsamba la mlatho, n'kulumikiza chikwama chake cha pa foni, kenaka amasayina kawiri. Kusayina koyamba, komwe pa sikirini kumalembedwa kuti `Approve`, n'kupereka chilolezo kwa pulogalamu ya mlathowo kuti itenge matokeni m'chikwama mwake. Kusayina kwachiwiri ndiko kutumiza kwenikweni.

Matokeni 1,000 aja amalowa mu adiresi ya pulogalamu ya mlatho pa Ethereum pomwepo, ndipo amatsekeredwa mmenemo pamodzi ndi a anthu ena onse omwe anadutsapo kale. Adiresi imeneyi ndiyo nkhokwe ya mlatho. Makompyuta ochepa osankhidwa, omwe ntchito yawo ndi ulonda, amaona kuti ndalama zalowa m'nkhokwe, amadikira pang'ono kuti zolembedwazo zikhazikike, kenaka aliyense amasayina uthenga wochitira umboni kuti adiresi ya mayiyo yaika 1,000. Masiginecha akakwana nambala yomwe inaikidwa, uthengawo umaperekedwa kwa pulogalamu ina ya mlatho womwewo yomwe ili tsidya linalo. Pulogalamu imeneyo imapanga matokeni atsopano 1,000 n'kuwaika m'chikwama cha mayiyo.

Matokeni atsopanowa ndi lisiti. Alimi omwe anasungitsako mbewu m'nyumba zosungiramo katundu n'kulandira lisiti logulitsika amaidziwa bwino nkhaniyi: pepalalo limakhala ndi mtengo malinga ngati matumba a soya alimodi m'nyumbamo. Mayiyo akafuna kubwerera, matokeni a tsidya linalo amafufutidwa, alonda amasayina uthenga wina, ndipo nkhokwe ya pa Ethereum imamutsegulira 1,000 yake.

Dongosolo lonse latsamira pa masamu amodzi: malisiti omwe ali tsidya lina asapose ndalama zomwe zili m'nkhokwe. Amalawi amakhala ndi dongosolo lofanana ndi limeneli tsiku ndi tsiku popanda kuliganizira. Ndalama zomwe zimaoneka pa Airtel Money kapena TNM Mpamba zimaimiriridwa ndi ndalama zenizeni zomwe makampaniwo amayenera kusunga mu akaunti yapadera ku banki, potsatira lamulo la Payment Systems Act la 2016 ndi malamulo a ndalama za pa foni a 2019. Banki yaikulu ili ndi mphamvu yofunsa mabuku, ndipo kampani yolakwa ili ndi ofesi yodziwika komwe ingakapezeke. Pa mlatho wa kiriputo, ntchito yonseyi yoyang'anira inasiyidwa m'manja mwa pulogalamu ya kompyuta ndi makiyi achinsinsi a alonda ochepa aja, omwe nthawi zina ngakhale mayina awo sadziwika.

Ndalama zikatuluka m'nkhokwe, palibenso wozibweza. Bulokucheni imalandira uthenga uliwonse womwe uli ndi masiginecha okwanira, ndipo ilibe njira yosiyanitsira mwini kiyi ndi mbala yomwe yaba kiyiyo.

Nkhani ya mlatho wa Ronin

Chitsanzo chomwe chimaonetsa bwino kufooka kumeneku n'cha mlatho wa Ronin. Kampani ya Sky Mavis ya ku Vietnam, yomwe inapanga masewero a pa intaneti a Axie Infinity, inakhazikitsa bulokucheni yakeyake yotchedwa Ronin kuti osewera asamalipire mitengo yokwera ya pa Ethereum. Osewera ankaika ndalama zawo m'nkhokwe pa Ethereum n'kulandira malisiti pa Ronin. Ambiri mwa iwo anali anthu wamba a m'maiko monga Philippines, omwe ankadalira masewerowa kupeza kangachepe.

Mlathowu unali ndi alonda 9, ndipo kuti ndalama zituluke pankafunika masiginecha 5. Poona pa pepala, izi zinkaoneka zokhwima, popeza mbala inkayenera kuthyola malo asanu osiyana. Koma makiyi anayi mwa asanu ndi anayiwo anali m'manja mwa kampani imodzi ya Sky Mavis. Mbala zitanyenga wogwira ntchito mmodzi wa kampaniyi kudzera m'mauthenga achinyengo, zinalowa m'makompyuta a kampaniyo n'kupeza makiyi onse anayi. Panatsala imodzi yokha.

Kiyi yachisanu inapezeka kudzera mu chilolezo choiwalika. Mu Novembala 2021 osewera atachuluka kwambiri, gulu la Axie DAO, lomwe linali mmodzi mwa alonda, linalola Sky Mavis kuti izisayina m'malo mwake pofuna kufulumizitsa ntchito. Dongosololi linatha mu Disembala chaka chomwecho, koma palibe yemwe anachotsa chilolezocho m'makina. Motero yemwe anali ndi mphamvu pa makompyuta a Sky Mavis ankathanso kupeza siginecha ya Axie DAO. Alonda asanu aja kwenikweni anali khomo limodzi.

Pa 23 Malichi 2022, mbalazo zinalemba mauthenga awiri otulutsira ndalama, n'kuwasayina ndi makiyi asanuwo. Uthenga umodzi unatulutsa ETH 173,600, winawo USDC 25.5 miliyoni. Pulogalamu ya m'nkhokwe inawerenga masiginecha, inapeza kuti akwana, ndipo inatsegula. Sinalakwitse kalikonse, inachita zomwe inalembedwera.

Chodabwitsa kwambiri n'chakuti panapita masiku 6 popanda wozindikira. Nkhaniyi inaululika pa 29 Malichi, munthu wina atadandaula kuti akulephera kutulutsa ETH 5,000. Masiku onsewo osewera ankaona ndalama zawo zili bwinobwino m'zikwama zawo za pa Ronin, ndipo ankagulana ndi kugulitsana malisiti omwe kumbuyo kwake kunalibenso kanthu. Pa tsiku lomwe nkhaniyi inadziwika, ndalama zobedwazo zinali zoposa madola 600 miliyoni. Mu Epulo 2022, bungwe la FBI la ku America linati gulu la Lazarus, lomwe limalumikizidwa ndi boma la North Korea, ndilo linachita izi.

Osewera anabwezeredwa ndalama zawo, ndipo mlathowo unatsegulidwanso kumapeto kwa Juni 2022. Izi zinatheka chifukwa Sky Mavis inatolera ndalama kwa amalonda, n'kuphatikizapo chuma chake. Kunali kufuna kwa kampaniyo, yomwe inali ndi dzina loti iteteze komanso abwenzi olemera.

Mu Juni momwemo, mlatho wa Horizon wa bulokucheni ya Harmony unabedwa pafupifupi madola 100 miliyoni m'njira yofanana. Kumeneko pankangofunika masiginecha awiri okha mwa asanu.

Pamene pulogalamu ndiyo yalakwika

Makiyi akhoza kusungidwa bwino, mlatho n'kugwabe. Pa 2 Febuluwale 2022, munthu wina anapeza chilema mu pulogalamu ya mlatho wa Wormhole pa Solana, pagawo lomwe limatsimikiza masiginecha. Anainamiza pulogalamuyo kuti alonda avomereza, ndipo inamupangira malisiti a ETH 120,000 pomwe iye sanaike kalikonse m'nkhokwe. Gawo lalikulu la malisiti abodzawo anakaombolera ndalama zenizeni za anthu ena pa Ethereum. Ndalamazo zinali pafupifupi madola 320 miliyoni, ndipo kampani ya Jump Crypto ndiyo inatseka dzenjelo ndi ndalama zake.

Nkhani ya mlatho wa Nomad, pa 1 Ogasiti 2022, inali yochititsa manyazi koposa. Pokonzanso pulogalamu yawo, eni ake anasiya nambala ya `0x00` ili m'gulu la zizindikiro zodalirika. Tsoka lake, uthenga uliwonse womwe sunatsimikizidwe unkakhalanso ndi nambala yomweyo, choncho pulogalamuyo inayamba kuona uthenga wabodza uliwonse ngati wovomerezeka. Woyamba atatulutsa ndalama, ena anangokopera uthenga wake, kusintha adiresi yolandirira n'kuika yawo, basi. Maadiresi mazanamazana anachita nawo zimenezi ngati anthu othamangira lole yomwe yagubuduka ndi katundu pamsewu, ndipo pafupifupi madola 190 miliyoni anatha m'maola ochepa.

Apa pali phunziro lokhudza mawu oti pulogalamu "inaunikidwa ndi akatswiri", omwe milatho yambiri imanyadira pa masamba ake. Kuunikako kumakhudza pulogalamu monga momwe inalili pa tsikulo. Milatho yambiri imalembedwa m'njira yoti eni ake azitha kuisintha, ndipo kusintha kulikonse ndi mpata wa chilema chatsopano. Komanso yemwe ali ndi kiyi yosinthira pulogalamu ali ndi mphamvu pa nkhokwe yonse, ngakhale alonda atachuluka bwanji.

Lisiti likatsala lopanda mwini

Kwa mayi wa ku Area 10 uja, nkhani yomwe ikumukhudza kwambiri ndi ya Multichain, chifukwa ikusonyeza kuti chiopsezo sichithera pa mphindi zochepa zomwe ndalama zili paulendo. Multichain unali umodzi mwa milatho ikuluikulu. Mu Meyi 2023 mkulu wa kampaniyo, yemwe ankadziwika ndi dzina loti Zhaojun, anatengedwa ndi apolisi ku China. Anzake ogwira nawo ntchito anaulula pambuyo pake kuti makompyuta osunga makiyi a mlathowo ankayendera pa akaunti ya mkuluyo payekha. Kumayambiriro kwa Julayi, ndalama zoposa madola 120 miliyoni zinatuluka m'nkhokwe mosadziwika bwino, ndipo pakati pa mwezi womwewo kampaniyo inalengeza kuti yasiya ntchito.

Omwe anapwetekeka kwambiri anali anthu a pa bulokucheni ya Fantom, komwe matokeni ambiri olembedwa kuti USDC anali malisiti a Multichain. Mtengo wake unagwa kutali ndi dola imodzi. Ena mwa anthuwa anali asanagwiritsepo ntchito mlathowo n'kamodzi komwe. Anangogula matokeniwo pamsika poona dzina lodziwika. Kampani ya Circle, yomwe imapanga USDC yeniyeni, imaombola matokeni omwe inapanga yokha, ndipo lisiti la kampani ina lilibe malo m'mabuku ake ngakhale litakhala ndi dzina lofanana.

Choncho malinga ngati mayiyo akusunga matokeni obadwira pa mlatho, ndalama zake zili m'manja mwa mlathowo, kaya padutsa sabata kaya zaka ziwiri.

Milatho ya mitundu ina

Si milatho yonse yomwe imatsekera ndalama m'nkhokwe. Ina imasunga matokeni mbali zonse ziwiri: munthu amaika tsidya lino, n'kupatsidwa kuchokera pa mulu wa tsidya linalo, monga momwe ogulitsa ndalama amachitira pa chipata cha Mchinji kapena Dedza. Ubwino wake ngwakuti munthu amatha kulandira tokeni yeniyeni, ngakhale kuti muluwo ukachepa amadikira kapena kulandira zoperewera. Mu 2023 kampani ya Circle inayambitsa njira yake yotchedwa CCTP, momwe USDC imafufutidwa tsidya lino ndipo Circle yomweyo imavomereza kuti ipangidwe tsidya linalo. Pamenepa palibe nkhokwe yoti ithyoledwe, koma chikhulupiriro chonse chili pa kampani imodzi.

Palinso milatho ya mabulokucheni omangidwa pamwamba pa Ethereum, monga Arbitrum ndi Optimism. Pobwerera ku Ethereum kudzera pa mlatho wawo weniweni, munthu amadikira pafupifupi masiku 7. Nthawiyi inaikidwa dala kuti wina aliyense woona chinyengo athe kuchitsutsa ndalama zisanatuluke. Ambiri amanyansidwa ndi kuchedwaku ndipo amathamangira milatho yachangu ya makampani ena, osadziwa kuti masiku asanu ndi awiriwo ndiwo chitetezo chomwe akuchisiya. Mbala za pa Ronin zinangofunika mphindi zochepa, chifukwa panalibe kudikira kulikonse ngakhale pa ndalama zochuluka chotere.

Zomwe munthu angaone asanatumize

Funso loyamba n'lakuti alonda alipo angati, pakufunika masiginecha angati, ndipo makiyiwo ali ndi mabungwe angati osiyana. Nkhani ya Ronin ikusonyeza kuti gawo lomalizali ndilo lofunika kuposa enawo. Mlatho womwe sunena poyera mayina a alonda ake uyenera kuonedwa ngati wa munthu mmodzi.

Chachiwiri ndicho kudziwa chomwe chifike m'chikwama. Dzina la tokeni aliyense akhoza kulilemba, koma adiresi ya pulogalamu ya tokeniyo siibwerezedwa. Makampani a Circle ndi Tether amasindikiza pa masamba awo maadiresi a matokeni awo enieni pa bulokucheni iliyonse, ndipo kufananiza adiresiyo ndi ya tokeni yomwe mlatho ukupereka kumatenga mphindi ziwiri. Pa mabulokucheni ena, USDC yodzera pa mlatho imalembedwa kuti `USDC.e` pofuna kuisiyanitsa ndi yeniyeni, ndipo misika ina siilandira. Munthu akaitumiza ku msika womwe suilandira, kuipezanso kumavuta kwambiri ndipo nthawi zina sikutheka.

Popeza makaundulawa ali poyera, n'zothekanso kuwerengera ndalama zomwe zili m'nkhokwe kudzera pa masamba monga Etherscan n'kuzifananiza ndi malisiti omwe ali tsidya linalo. Pa masiku 6 aja a Ronin, umboni wonse unali pamtetete kwa aliyense yemwe akanayang'ana. Kwa yemwe sangakwanitse izi, zizindikiro zosavuta n'ziwiri: tokeni yoyenera kukhala dola imodzi ikayamba kugulitsidwa motsika pa bulokucheni imodzi yokha pomwe kwina ili bwino, kapena ndalama zikayamba kuchedwa kutuluka popanda kufotokoza komveka. Ku Multichain, madandaulo a kuchedwa anayamba kumapeto kwa Meyi 2023, kutatsala milungu pafupifupi isanu ndi umodzi kuti nkhokwe ikhuthuke.

Chilolezo cha `Approve` chija nachonso chimafuna diso. Masamba ambiri amapempha chilolezo chopanda malire, chomwe chimakhalabe chamoyo ntchito ikatha. Pulogalamu ya mlathowo ikadzathyoledwa patsogolo, mbala zikhoza kutenga matokeni molunjika m'chikwama cha munthu yemwe anadutsapo kalekale. Zikwama zambiri zimalola kulemba nambala yeniyeni yomwe munthu akufuna kutumiza, ndipo chilolezo chakale chimatheka kuchotsedwa. Kutumiza kaye ndalama zochepa, monga madola 10, kumathandiza kuona ngati adiresi ndi tokeni zili zolondola, ngakhale sikunena chilichonse za chitetezo cha makiyi a alonda.

Nthawi zambiri mlatho umapeweka. Mayi uja akanatha kuuza kasitomala wake asanalipire kuti atumize pa bulokucheni yomwe iye akufuna, popeza misika ikuluikulu imafunsa wotumiza kuti asankhe njira, monga `ERC20` ya Ethereum kapena `TRC20` ya Tron. Kusankha kolakwika pamenepa nako kumataitsa ndalama, choncho awiriwo ayenera kugwirizana dzina la njirayo ndi adiresi yake asanadine batani.

Ndalama zikatayika pa mlatho, wodandaula wa ku Lilongwe amapezeka akulimbana ndi kampani yolembetsedwa kunja, mwinanso gulu lopanda ofesi. Pa nkhani ya Multichain, bungwe la Fantom Foundation linachita kukasuma ku khoti la ku Singapore, komwe kampaniyo inalembetsedwa, ndipo chigamulo choyamba cholikomera chinatuluka mu 2024, patatha miyezi ingapo ndalamazo zitapita.